Musanasaine kontirakiti ya ntchito: mafunso ndi mayankho

Tsiku lomwe munthu waitanidwa kuti akayambe ntchito, mtima umakhala m'mwamba. Wakhala miyezi akuponya makalata, kunyumba akumuyang'ana, ndipo tsopano pepala lili patebulo, cholembera chili m'manja, abwana akudikira. Ambiri timangoyang'ana mzere wa malipiro n'kusaina. Masamba enawo timadzawawerenga tsiku lomwe zinthu zavuta.

M'kontirakiti muli ndime za mitundu iwiri. Zina lamulo linaika kale malire ake, moti ngakhale mutasaina zochepera pamenepo, lamulo limakutetezanibe. Zina lamulo linazisiya kuti inu ndi olemba ntchito mugwirizane, ndipo izi mukasaina zakumangani. Kuwerenga bwino kontirakiti ndi kudziwa kusiyanitsa mitundu iwiriyi. Lamulo lomwe tikunena pano ndi la m'Malawi lotchedwa Employment Act, la chaka cha 2000, lomwe linakonzedwanso mu 2010 ndi mu 2021. Limakhudza ogwira ntchito m'makampani ndi m'boma, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, tiyerekeze kuti pali mtsikana yemwe walembedwa ukalaliki wa katundu pa golosale yaikulu ya ogula mopikula ku Limbe. Malipiro ake ndi K416,000 pamwezi, ndipo amagwira Lolemba mpaka Loweruka, maola 8 patsiku. Tiziyenda naye m'mafunso onsewa.

Andipatsa pepala n'kunena kuti ndisaine pompano. Ndingapemphe kukaliwerengera kunyumba?

Pemphani. Nenani mwaulemu kuti, "Bwana, ndathokoza kwambiri, koma ndimapempha ndikaliwerenge bwino usiku uno, ndibwera nalo mawa m'mawa." Olemba ntchito omwe alibe chobisa savutika ndi pempho lotere. Akakana kuti pepala lituluke, khalani pansi pomwepo muwerenge tsamba lililonse, ngakhale zitatenga ola. Makontirakiti ambiri kuno amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo palibe chochititsa manyazi kufunsa kuti, "Ndime iyi ikutanthauza chiyani?" Yankho lomwe akupatseni pakamwa likasiyana ndi zolembedwa, dziwani kuti tsiku la mlandu chidzayankhula ndi pepala.

Mukasaina, tengani kope lanu lomwe nawonso asaina. Ndaonapo anthu angapo akufika ku ofesi ya zantchito ali ndi dandaulo lomveka bwino, koma akafunsidwa kontirakiti amati inatsala m'kabati ya abwana. Ngati kontirakiti ikutchula buku lina la malamulo a pakampani n'kunena kuti ndi mbali ya mgwirizano, pemphani bukulo, chifukwa mukusainira zomwe zili m'menemonso.

Nanga ngati sanandipatse pepala lililonse?

Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu, ndipo ufulu wanu sutha chifukwa chosowa pepala. Komabe gawo 27 la lamuloli limalamula olemba ntchito omwe ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo kuti apereke chikalata pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito. M'chikalatamo muyenera kukhala maina a mbali zonse ziwiri, tsiku loyamba ntchito, malipiro ndi kawerengedwe kake, nthawi yolandirira, mtundu wa ntchito, maola ogwirira ntchito, za kathedwe ka ntchito ndi malamulo a mwambo. Mwa zonsezi yang'anitsitsani tsiku loyamba ntchito. Tchuthi, notisi ndi ndalama zapothera ntchito, zonse zimawerengedwa kuchokera pa tsiku limeneli. Ngati munayamba mu Malichi koma pepala likuti Juni, mwataya miyezi itatu musanadziwe n'komwe.

Pulobeshoni ndi chiyani kwenikweni, ndipo itenge nthawi yaitali bwanji?

Ndi nthawi yoyesana. Abwana akuona ngati mukuidziwa ntchito, inunso mukuona ngati malowo akukuyenerani. Gawo 26 likuti nthawiyi isapitirire miyezi 12, ndipo likuikamba pa antchito a luso, omwe ntchito yawo imafuna kuti munthu aiphunzire. M'kati mwa malire amenewa, kutalika kwake n'kogwirizana. Apa ndi pomwe siginecha yanu ili ndi mphamvu: mukasainira miyezi itatu ndi itatu, mukasainira 12 ndi 12, ndipo zonsezi n'zololedwa.

Chomwe chimapangitsa kutalikaku kukhala nkhani yaikulu n'chakuti pa pulobeshoni mbali iliyonse ingathe kuthetsa mgwirizano nthawi ina iliyonse popanda notisi. Wochotsedwa ali pa pulobeshoni salandiranso sevelansi, yomwe tiikambe kutsogoloku. Mtsikana wathu wa ku Limbe akasainira miyezi 12, ndiye kuti chaka chonse angathe kuuzidwa Loweruka kuti Lolemba asabwere, n'kungolandira za masiku omwe wagwira ndi za tchuthi chomwe wasonkhanitsa. Akasainira miyezi itatu, mwezi wachinayi akhala ali ndi notisi ya mwezi wathunthu kumbuyo kwake. Pa ntchito ngati ya ukalaliki wa katundu, miyezi itatu ndi yokwanira kuona ngati munthu amatha kuwerenga makatoni ndi kulemba mabuku. Ine ndikaona miyezi 12 pa ntchito yotere ndimakayika, chifukwa nthawi zambiri cholinga chake si kuyesa luso ayi, koma kusunga khomo lotulutsira munthu mosavuta.

Pali zinthu zitatu zofunika kuzifufuza m'ndime ya pulobeshoni. Choyamba ndi tsiku lenileni lomwe ikutha. Chachiwiri ndi mau onena kuti olemba ntchito angathe kuitalikitsa. Funsani kuti angaitalikitse kangati, ndi miyezi ingati, ndipo adzakuuzani bwanji. Pemphani kuti zilembedwe kuti kutalikitsa kudzachitika ndi kalata, tsiku lothera lisanafike, ndi zifukwa zake. Ngakhale ataitalikitsa, zonse pamodzi zisadutse miyezi 12. Chachitatu ndi chomwe chichitike tsikulo likadutsa popanda kalata yokutsimikizani pa ntchito. Makontirakiti ena amati munthu akhalabe pa pulobeshoni mpaka atalandira kalata, ndipo kalatayo siibwera. Ndime yabwino imati tsiku likadutsa popanda mau ena alionse, munthuyo watsimikizidwa.

Onaninso ngati malipiro a pa pulobeshoni ndi osiyana ndi a pambuyo pake. Ngati akulonjeza kukweza, ndalamayo ndi tsiku lake zilembedwe. "Tidzaona mukatsimikizidwa" si lonjezo lomwe mungapite nalo kulikonse.

Ndiye kuti pa pulobeshoni angandichotse popanda chifukwa?

Anthu ambiri amasokoneza notisi ndi chifukwa. Gawo 26 limachotsa notisi yokha. Silinena kuti abwana asakhale ndi chifukwa, ndipo gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Kuchotsa munthu chifukwa ndi woyembekezera, chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake, kapena chifukwa walowa bungwe la apantchito, n'kolakwika kaya ali pa pulobeshoni kapena ayi.

Komabe tinene zoona: wa pa pulobeshoni ali pamalo oterera. N'kosavuta kwa abwana kunena kuti ntchito simukuitha, poti ndiye cholinga cha nthawiyo. Chodzitetezera chanu ndi kufunsa poyamba pomwe kuti adzakuyezani ndi muyezo wanji, ndani adzakuyezani, ndipo liti. Akakuyamikirani kapena kukudzudzulani m'kalata, sungani.

Kontirakiti yanga ikuti ndi ya chaka chimodzi. Zikusiyana bwanji ndi ntchito yokhazikika?

Lamulo limadziwa mitundu itatu ya mgwirizano: wopanda tsiku lothera, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito inayake yomwe ikatha nawonso watha, monga kumanga nyumba. Wa nthawi yoikika umatha wokha tsiku lake likakwana, popanda notisi, ndipo abwana sakakamizidwa kuuyambitsanso. Kutha kotereku sikubweretsa sevelansi. Ngati mukuyembekezera giratuwiti pothera, onani kuti yalembedwa, ndi kawerengedwe kake. Wofuna kuthetsa mgwirizano wotere tsiku lisanakwane ayenera kupereka notisi ya masiku osachepera 14.

Pali ndime ina yomwe anthu ochepa amaidziwa. Gawo 28 likuti ngati kontirakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito podzaza mpando womwe ndi wokhazikika pa ntchito za tsiku ndi tsiku za kampani, lamulo limaitenga ngati yopanda tsiku lothera. Golosale ya ku Limbe idzafuna kalaliki wa katundu chaka chino, chaka chamawa ndi chinacho. Ngati mtsikana uja akusainitsidwa ya chaka chimodzi chaka ndi chaka kwa zaka zisanu, ali ndi poyambira kunena kuti iye ndi wantchito wokhazikika. N'chifukwa chake makontirakiti akale sitimataya, ngakhale atatha.

Pa ndime ya notisi ndiyang'ane chiyani?

Kwa wolandira pamwezi, gawo 29 likuti notisi isachepere mwezi umodzi, ndipo ikhale yolembedwa. Kwa olandira pasabata kapena patsiku imayambira pang'ono n'kumakula ndi zaka za pantchito, mpaka kufika mwezi umodzi munthu akakwanitsa zaka zisanu. Kontirakiti yonena kuti wolandira pamwezi adzapatsidwa notisi ya sabata imodzi ikutsutsana ndi lamulo, ndipo ndime yotero singakulandeni mwezi wanu.

Msampha uli mbali inayo, pa notisi yaitali. Lamulo linaika pochepera, silinaletse kugwirizana zochuluka. Notisi imamanga mbali zonse ziwiri, ndipo gawo 30 likuti wosafuna kudikira alipire mnzake ndalama ya nthawi ya notisiyo. Abwana angathe kukupatsani malipiro a mwezi n'kukuuzani kuti mupite lero. Inunso mukachoka osapereka notisi, muli ndi ngongole yomweyo kwa iwo. Mtsikana wathu akasainira notisi ya miyezi itatu, kenako n'kupeza ntchito yabwino ku Lilongwe yomwe akufuna ayambe sabata yamawa, ngongole yake ndi K416,000 kuchulukitsa katatu, yomwe ndi K1,248,000. Anthu ena ntchito yabwino inawadutsa chifukwa cha mzere umodzi womwe sanauwerenge.

Notisi yaitali si yoipa payokha, chifukwa tsiku lomwe akukuchotsani imakupatsani miyezi itatu yopumira. Choipa ndi pomwe ili yopendekera: inu miyezi itatu, iwo mwezi umodzi. Mukaona zotero pemphani kuti ifanane.

Ndime ina ikuti kampani ingandichotse nthawi iliyonse bola yapereka notisi. Zili choncho?

Ayi, ndipo apa lamulo ndi lamphamvu kuposa pepala. Gawo 57 limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe. Pakhale chifukwa chomveka, chokhudza kuthekera kwake pa ntchito, khalidwe lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani. Ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kuthekera, munthuyo apatsidwe mwai wodziteteza pa zomwe akumunenazo. Notisi siilowa m'malo mwa ziwirizi. Abwana omwe apereka malipiro a mwezi koma osanena chifukwa, kapena osamumva munthu, angathe kupezeka kuti amuchotsa mopanda chilungamo. Ku bwalo, udindo wosonyeza chifukwa uli pa olemba ntchito, osati pa wochotsedwa.

Tiyerekeze kuti powerengera katundu wa mwezi apeza kuti makatoni 15 a sopo akusowa. Njira yoyenera ndi yoti mtsikanayo auzidwe mlandu wake momveka, apatsidwe nthawi yokonzekera, aone mapepala omwe akumunenera, afotokoze mbali yake, kenako chigamulo chibwere. Mwina makiyi a nyumba ya katundu amasunga anthu atatu. Mwina makatoniwo anatuluka Loweruka iye ali kuchipatala. Zimenezi zimadziwika pokhapokha munthu akamvedwa. Choncho m'kontirakiti fufuzani ndime ya mwambo: machenjezo ndi angati, amakhala amoyo nthawi yaitali bwanji, ndani amaweruza, mungabwere ndi mnzanu wa pantchito kapena wa bungwe la apantchito, ndipo mungakadandaule kwa yani mukapanda kukhutira.

Kuchotsedwa pompopompo, popanda notisi, kulipo. Gawo 59 limakulola pa milandu ikuluikulu: khalidwe loipa kwambiri, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza kapena kwakukulu, kusowa luso lomwe munanena kuti muli nalo, kukana dala lamulo loyenera la abwana, ndi kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Makontirakiti ena amaonjezera mndandanda wautali, mpaka kuchedwa kamodzi kukhala mlandu wochotsera munthu. Werengani mndandandawo kuti mudziwe zomwe malowo amadana nazo, koma dziwani kuti bwalo limayang'ananso ngati chilango chikulingana ndi kulakwa.

Chinthu chimodzi chomwe sichilembedwa m'kontirakiti koma chimachitika kawirikawiri ndi ichi: zinthu zikavuta amakuuzani kuti, "Lembani nokha kalata yosiya ntchito kuti mbiri yanu isaipe." Musafulumire. Wosiya yekha alibe sevelansi, ndipo dandaulo lake limavuta kwambiri. Lamulo limavomereza kuti munthu angakakamizike kusiya chifukwa cha nkhanza za abwana, n'kutengedwa ngati wachita kuchotsedwa, koma kusonyeza umboni wa zimenezi ndi ntchito yaikulu.

Ntchito ikatha ndimayenera kulandira chiyani?

Malipiro a masiku omwe mwagwira, ovataimu yomwe sinalipidwe, ndalama ya masiku a tchuthi omwe simunapite, ndi ya notisi ngati sanakupatseni. Zimenezi ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri. Mukapempha, akupatseninso kalata yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo.

Sevelansi si ya aliyense wochoka. Kuyambira mu 2010 imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, mpando wake watha, chuma chavuta kapena kayendetsedwe kasintha, komanso akachotsedwa mopanda chilungamo. Imayamba munthu akakwanitsa chaka chimodzi. Pa zaka zisanu zoyamba ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu, kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi ndi masabata atatu, kupitirira apo ndi masabata anayi. Malipiro a mtsikana wathu pasabata ndi K96,000. Golosale ikachepetsa antchito iye atagwira zaka zitatu, alandira za masabata 6, K576,000. Atagwira zaka 7, ndi masabata 10 a zaka zisanu zoyamba ndi 6 a zaka ziwiri zotsatira, onse 16, K1,536,000. Apa mukuona chifukwa chake tsiku loyamba ntchito ndi makontirakiti a chaka chimodzichimodzi aja si nkhani yaing'ono.

Penshoni ndi thumba lina. Olemba ntchito amaikamo osachepera 10 pa 100 ya malipiro, inu 5 pa 100. Funsani dzina la kampani yosunga penshoniyo, ndipo muzikafunsa ngati ndalama zikufikadi, poti kudulidwa pa pepala la malipiro si umboni woti zatumizidwa.

Akuti malipiro anga akuphatikiza kale ovataimu yonse. Ndisaine?

Iyi ndi ndime yomwe imadya ndalama zambiri za antchito mwakachetechete, ndiye tiiwerengere.

Lamulo likuti maola anthawi zonse asapitirire 48 pasabata, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi asapitirire maola 8 patsiku. Munthu asagwirenso masiku opitirira asanu ndi limodzi motsatizana popanda kupuma maola 24. Gawo 39 limagawa ovataimu patatu. Ya tsiku wamba la ntchito imalipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka lake pamwamba. Ya tsiku lanu lopuma imalipidwa kawiri. Ya tsiku la tchuthi cha boma, monga 6 Julayi kapena 3 Malichi, imalipidwanso kawiri.

Njira yomwe ambiri amatsata popeza malipiro a ola kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi ndi kutenga masiku 26 pamwezi. K416,000 kugawa ndi 26 ndi K16,000 patsiku, kugawanso ndi 8 ndi K2,000 paola. Ola la ovataimu wamba ndi K3,000, la Lamulungu ndi K4,000. Tinene kuti mwezi wina magalimoto a katundu afika madzulo, ndipo mtsikanayo watsalira maola awiri pa masiku 10. Amenewo ndi maola 20, K60,000. Lamulungu lina aitanidwa kudzawerengera katundu maola 6, K24,000. Zonse pamodzi K84,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malipiro ake a mwezi. Mwezi wa Disembala, pomwe malonda amatentha, ingapose pamenepo.

Ndime yoti zonse zili m'malipiro imameza K84,000 imeneyo popanda kuitchula. Musanasaine funsani kuti: m'malipirowa, ya maola wamba ndi zingati, ya ovataimu ndi zingati, ndipo ikuimira maola angati? Ngati akuti K60,000 ndi ya maola 20 pamwezi, zilembedwe choncho, pamodzi ndi mau oti maola opitirira apo adzalipidwa padera. Ngati sangathe kutchula nambala, ndiye kuti palibe ovataimu yomwe yaphatikizidwa, angochotsa malire a maola anu. Mitengo ya m'gawo 39 ndi yochepetsetsa yomwe lamulo limalola, ndipo kusaina sikuichotsa. Koma kuti mudzaitenge pambuyo pake mudzafunika kusonyeza maola omwe munagwira.

Apa ndi pomwe milandu yambiri ya ovataimu imafera. Munthu amati, "Ndinkaweruka usiku masiku onse," koma akafunsidwa kuti tsiku liti, ola lanji, alibe yankho. Gulani kope laling'ono. Tsiku lililonse lembani ola lolowa, ola lotuluka ndi yemwe anakuuzani kuti mutsalire. Ngati pali buku losainira pakhomo, lembani ola lenileni, osati lomwe akukuuzani. Makontirakiti ambiri amati ovataimu imalipidwa pokhapokha italolezedwa ndi kapitawo kapena manijala. Mukaona ndime imeneyi funsani kuti chilolezocho chimaperekedwa bwanji, ndipo akakuuzani pakamwa kuti mutsalire, tumizani uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti pakhale chotsalira.

Ena m'malo mwa ndalama amapereka tsiku lopuma. Ngati mwavomera zimenezi, kumbukirani kuti ola la Lamulungu mtengo wake ndi maola awiri, ndiye kusinthanitsa tsiku limodzi ndi tsiku limodzi n'kukudyerani.

Tchuthi cha pachaka ndi masiku angati?

Masiku ogwira ntchito osachepera 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi 15 kwa wogwira masiku asanu, ndi malipiro onse. Mau oti "ogwira ntchito" ndi ofunika: Lamulungu ndi matchuthi a boma saloledwa kuwerengedwa m'kati. Kontirakiti yongoti masiku 18 osafotokoza ingathe kukudyerani Malamulungu awiri kapena atatu.

Tchuthi chimayenera kutengedwa pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chikwanireni, koma mungagwirizane kuchisunga n'kuchiphatikiza ndi cha chaka china. Samalani ndi ndime yoti masiku osatengedwa pofika Disembala 31 atha. Pa golosale ngati ya ku Limbe ija, nthawi yomwe mukufuna kupita ndi yomwe abwana amati ntchito yachuluka. Pemphani tchuthi polemba, ndipo akakana nawonso alembe, kuti zidzadziwike kuti masikuwo simunawasiye dala. Kwa mtsikana wathu masiku amasonkhana limodzi ndi theka pamwezi. Akachoka atagwira miyezi 8 osapitako kutchuthi, ali ndi masiku 12, omwe pa K16,000 patsiku ndi K192,000.

Onaninso ngati masiku a maliro amachotsedwa pa tchuthi chanu cha pachaka kapena ali padera. Kwathu kuno maliro sitimakana, ndipo chaka chimodzi chingathe kukupititsani kumudzi katatu. Nkhani imeneyi imadalira zomwe zalembedwa m'kontirakiti kapena m'buku la pakampani, ndiye ifunseni lero, osati tsiku lomwe uthenga wafika.

Ndikadwala kapena ndikakhala woyembekezera?

Tchuthi cha matenda n'chosachepera masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro, chaka chilichonse, mukaonetsa kalata ya dokotala wovomerezeka. Koma ufulu umenewu umayamba mutagwira miyezi 12 mosadukiza. M'chaka choyamba, zoti mulipidwa mukagonekedwa ndi malungo zimadalira kontirakiti. Iyi ndi ndime ina yomwe lamulo silikufikirani, ndipo ndi yoyenera kuipempha. Kusalipidwa n'kosiyana ndi kuchotsedwa: kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chololedwa chochotsera munthu.

Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera asanu ndi atatu pa malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo amabwerera pa ntchito yake. Kuyambira mu 2021 abambo nawo ali ndi masabata awiri mwana akabadwa, kamodzinso pa zaka zitatu. Makampani ena amapereka miyezi itatu kwa amayi. Ngati anu akutero, zikhale m'pepala, chifukwa zoposa za m'lamulo zimakhala zanu pokhapokha zitalembedwa kapena zitakhazikika m'malamulo a pakampani. Ndime yoletsa kutenga pathupi m'chaka choyamba, kapena yonena kuti wotenga pathupi ntchito yatha, ndi yosemphana ndi lamulo, ndipo kuchotsa mayi chifukwa cha pathupi ndi mlandu.

Ndapeza ndime yoipa koma ntchitoyo ndikuifuna. Nditani?

Bwererani ku mitundu iwiri ya ndime ija. Ngati ndimeyo ikupereka zochepera pa lamulo, monga tchuthi cha masiku 10 kapena notisi ya sabata kwa wolandira pamwezi, itchuleni mwaulemu. Nthawi zina amangokhala kuti anakopera pepala lakale. Akakana kusintha, mungathe kusaina mukudziwa kuti ndimeyo ilibe mphamvu yokulandani zomwe lamulo linakupatsani, ngakhale kuti ikukuuzani kanthu za malo omwe mukulowa.

Ngati ili ya mtundu wachiwiri, mphamvu zanu ikani pamenepo: kutalika kwa pulobeshoni, notisi yopitirira mwezi, malipiro a matenda m'chaka choyamba, masiku a maliro, giratuwiti. Musapite ndi madandaulo khumi. Sankhani awiri omwe angakupwetekeni kwambiri, n'kubwera ndi mau oti alowe m'malo mwake: "Bwana, apa pa miyezi 12, kodi sizingatheke kuti ikhale isanu ndi umodzi?" Akavomera, kusinthako kulembedwe pa makope onse awiri ndipo nonse musaine pambali pake.

Zikadzavuta ndidzapite kuti?

Yambani ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, komwe anthu amangoti kuleba. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo lifike kumeneko pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Ambiri amataya nthawi imeneyi akudikira lonjezo la abwana loti "tikuitanani". Mkulu wa zantchito amaitana mbali zonse kuti ayanjanitse, ndipo zikakanika pakatha mwezi, nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Bwaloli lingalamule kuti mubwezeretsedwe pa ntchito kapena mulipidwe chipukuta misozi, chomwe kwa wogwira zaka zosapitirira zisanu sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse.

Popita kumeneko nyamulani kontirakiti, mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi, kalata yokutsimikizani pa ntchito, makalata a machenjezo ngati alipo, kalata yokuchotsani, ndi kope lija la maola.